Kalata yofunsira ntchito m'boma: nambala ya refarensi, mutu wa kalata ndi mndandanda wa mapepala

Kalata yofunsira ntchito m'boma siyambira kwa bwana amene adzakulembeni ntchitoyo ayi. Imayamba yafika kaye m'manja mwa kalaliki wa ku rejisitale, munthu amene patebulo pake pamakhala mulu wa maenvulopu a ntchito zosiyanasiyana, ndipo iyeyu alibe nthawi yowerenga ndime zanu zokoma zija, chomwe akufuna kudziwa ndi choti kalatayi ilowe mu fayilo iti komanso ngati mapepala onse omwe anapempha alimo. Nde pali zinthu zitatu zimene maso ake amathamangirako: nambala ya refarensi, mutu wa kalata, ndi mndandanda wa zomwe mwaikamo mu envulopu. Tiyende limodzi kuchokera pamwamba pa pepala mpaka pansi, koma pa zitatu zimenezi ndi pomwe tikhalitse chifukwa ndi pomwe anthu oyenerera ntchito amagwera popanda kudziwa.

Kuti zimveke bwino tiyerekeze kuti unduna wina watulutsa chilengezo cha ntchito ziwiri pa peji imodzi. Manambala ndi magiredi awa ndangopeka, inu mudzagwiritse ntchito a mu chilengezo chanu:

```
Vacancy No. 14/25: Assistant Accountant (Grade 7)
Vacancy No. 15/25: Accounts Assistant (Grade 9)
```

Mukuonatu mmene maina awiriwa akufananira eti? Mawu ake ndi pafupifupi omwewo, angotembenuzidwa, koma ndi ntchito ziwiri zosiyana, giredi yosiyana, maphunziro ofunika osiyana, ndipo iliyonse ili ndi fayilo yake. Wofunsira wathu ndi mayi amene ali ndi dipuloma ya zowerengera ndalama ndipo akufuna yoyambayo, ya 14/25. Tikhala tikubwerera kwa iyeyu.

Musanalembe chilichonse khalani pansi ndi chilengezocho ndi cholembera, mudule mzere kunsi kwa izi: dzina la ntchito ndi giredi yake, nambala yake, munthu kapena ofesi yolandira makalata, mapepala omwe apempha, ndi tsiku lotsekera. Pezani chilengezo chenichenicho, cha mu nyuzipepala kapena cha pa webusaiti ya ofesiyo kapena chomwe amata pa bolodi, osati chija munthu wataipanso nkuponya mu gulupu ya pafoni, chifukwa potaipanso mpomwe 14 amasanduka 15 ndipo inu mumangokopera cholakwikacho ndi mtima wonse. Onaninso ngati anena kuti kalata ikhale yolemba pamanja kapena ngati pali fomu yoti mudzaze, akanena choncho chitani chomwecho basi olo mukhale ndi kompyuta yabwino bwanji. Chilankhulo cha kalata chikhale chomwe chilengezo chalembedwera. Chathuchi ndi cha Chingerezi, nde mizere yoti mutaipe ndiipereka mmene imalembedwera.

Za pepala sitichedwapo. Pepala loyera la A4, mbali zonse musiye mpata wa masentimita 2.5 makamaka kumanzere chifukwa ndi komwe amaboola poika mu fayilo, mukalemba mothinana mpaka m'mphepete mabowo aja amadya zilembo zanu. Zilembo zikhale Times New Roman saizi 12 kapena Arial saizi 11, zakuda, opanda maluwa kapena mafelemu. Kalata yonse ikwane peji imodzi. Mbiri yanu yonse ili mu sivi, kalata ndi yongolondolera.

Pamwamba penipeni pamabwera adiresi yanu, foni ndi imelo. Pali njira ziwiri ndipo zonse ndi zololedwa, ina adiresi yanu imakhala kumanja pomwe zina zonse zili kumanzere, ina chilichonse chimayambira kumanzere mzere umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ine ndimakonda yachiwiriyi mukamataipa chifukwa palibe kulimbana ndi kukankha mawu kuti alingane, koma sankhani imodzi ndipo musasakanize. Foni ikhale yanu yomwe imagwira tsiku lililonse, kuitanidwa ku intavyu nthawi zambiri kumabwera ndi masiku ochepa. Mukadumpha mzere umodzi lembani deti, ndipo mwezi mulembe ndi mawu, monga `3 April 2025`. Mukalemba 03/04/25 wina awerenga kuti 3 Epulo wina awerenga kuti 4 Malichi, ndipo pa nkhani yomwe ili ndi tsiku lotsekera simukufuna munthu aziganizira.

Tsopano nambala ya refarensi. Anthu ambiri amasokonezeka apa chifukwa anaonapo makalata ochokera m'maofesi ali ndi mizere iwiri, `Our Ref` ndi `Your Ref`, nde amangokopera osadziwa kuti uti ndi wa ndani. Nkhani yake ndi iyi: woyambawo ndi nambala ya fayilo ya amene akulemba kalata, wachiwiriwo ndi nambala ya fayilo ya amene akulandira. Inu ngati munthu wamba mulibe rejisitale kunyumba kwanu, palibe fayilo yanu yoti muitchule, nde mzere woyambawo simukuufuna nkomwe. Nambala yomwe ili mu chilengezo ndi yawo, choncho imapita pa `Your Ref` kapena mungolemba `Ref` basi. Malo ake ndi pansi pa deti, pamwamba pa adiresi ya olandira, pa mzere wakewake kuti ioneke msanga. Ya mayi wathu uja ikhala chonchi:

```
3 April 2025

Your Ref: Vacancy No. 14/25
```

Kopelani nambalayo ndendende, chilembo ndi chilembo, timizere topendekera tonse, madontho onse, olo ziro wa kutsogolo musamuchotse. Ngati analemba 014/25 inunso 014/25. Samalani kwambiri ndi ziro ndi chilembo O, komanso 1 ndi chilembo I, chifukwa manambala ambiri a m'boma amasakaniza zilembo ndi manambala ndipo pa fotokope yosaoneka bwino zimafanana. Pamanja kalaliki atha kuzindikira zomwe mumatanthauza, koma pomwe mafomu amalowa pa kompyuta makina amafufuza nambala yeniyeniyo, mukasemphanitsa chilembo chimodzi kalata yanu siituluka pa mndandanda wa ntchito imeneyo.

Pena chilengezo chimakhala ndi manambala awiri, ina pamwamba penipeni yomwe ndi ya chilengezo chonse, ina pambali pa ntchito iliyonse. Zikatero musasankhe imodzi, lembani zonse ziwiri: ya chilengezo chonse pa mzere wa refarensi uja, ya ntchito yanu mu mutu wa kalata. Ndipo ngati chilengezo chilibe nambala ina iliyonse, chonde musapeke yanu poganiza kuti kalata ioneke yaulemu. Nambala yopeka itha kufanana ndi fayilo ina yeniyeni ya nkhani ina kalata yanu nkukalowa kumeneko. Ingosiyani mzerewo, m'malo mwake mu chiganizo choyamba munene komwe munaona chilengezocho ndi deti lake.

Nanga mayi uja akafuna kufunsira ntchito zonse ziwiri, 14/25 ndi 15/25? Alembe makalata awiri, iliyonse ndi nambala yake, mutu wake ndi mafotokope ake, pokhapokha ngati chilengezo chanena kuti kalata imodzi ikwanira kapena chaletsa kufunsira zoposa imodzi. Chifukwa chake nchosavuta, kalata imodzi singakhale m'mafayilo awiri nthawi imodzi. Kalaliki adzaiika mu imodzi, ku inayo dzina lanu silidzaoneka, ndipo sikuti wakuchitirani nkhanza ayi, palibe chomwe akanachita.

Kenako adiresi ya olandira, kumanzere. Lembani udindo osati dzina la munthu, monga `The Secretary` kapena `The Chairperson` malinga ndi mmene chilengezo chanenera, kenako dzina la ofesi ndi adiresi yake mmene aiperekera. Mabwana m'boma amasamutsidwa pafupipafupi koma mpando umakhala pomwepo, nde olo mukumudziwa dzina munthuyo musalilembe pokhapokha chilengezo chamutchula. Kwa inu amene muli kale m'boma ndipo mukufunsira udindo wina, malo ambiri amafuna kuti kalata idzere kwa mkulu wa dipatimenti yanu. Apo mumawonjezera mzere wa `Through:` pansi pa adiresi ya olandira, nkulemba udindo wa bwana wanu, nkusiya kampata koti asainire ndi kudinda sitampa. Yambani msanga chifukwa kalata yodzera kwa bwana imatha kugona patebulo pomwe tsiku lotsekera likuyandikira.

Moni ndi `Dear Sir/Madam,` ngati mukulembera udindo. Gwirani m'mutu moni ameneyu chifukwa ndi amene adzakuuzeni kotsekera kwake.

Pansi pa moni, pakati pa mizere iwiri yopanda kanthu, mpomwe pamakhala mutu wa kalata. Ena amauika pamwamba pa moni, sikulakwa kwenikweni koma malo ake ozolowereka ndi pansi pake. Ukhale wa zilembo zazikuluzikulu zakuda kwambiri, ndipo ngati mukulemba pamanja mudule mzere kunsi kwake ndi lula. Mutu wabwino umanena zinthu zitatu basi: kuti mukufunsira ntchito, ntchito yake ndi giredi, ndi nambala.

```
Dear Sir/Madam,

APPLICATION FOR THE POST OF ASSISTANT ACCOUNTANT (GRADE 7),
VACANCY NO. 14/25
```

Wina afunsa kuti bwanji tikubwereza nambala pomwe tailemba kale pamwamba. Ine ndimati bwerezani. Mzere wa pamwamba uja pena umaphimbidwa ndi sitampa yolandirira makalata kapena umapindika pa kona pomwe pali sitepulo, pomwe mutu uli pakati pa pepala palibe chouphimba. Komanso nambala ndi dzina la ntchito zikakhala pamodzi zimatetezana. Taganizani mayi uja atalakwitsa nkulemba `ACCOUNTS ASSISTANT` pambali pa 14/25, dzina likuloza fayilo ina nambala ikuloza ina, kalaliki atsate chiti? Ena atsata nambala ena atsata dzina, ndipo mayi wa dipuloma atha kupezeka ali pa mndandanda wa ntchito ya giredi yomwe sanaifune, kapenanso kalata yake nkuikidwa pambali ngati yosamveka. Nde mukamaliza kutaipa mutu, ikani chala pa chilengezo nkuwerenga liwu ndi liwu mofananitsa.

Dzina la ntchito musalikonze kapena kulifupikitsa olo mukuona ngati lanu ndi lomveka bwino. Akati `Assistant Accountant` musalembe `Accountant` yekha, imeneyo ndi ntchito ina ya pamwamba. Ngati chilengezo chatchula malo angapo ogwirirako ntchito ndipo akuti musankhe, onjezerani malowo kumapeto kwa mutu. Kaja ka `RE:` kutsogolo mutha kuika kapena kusiya, palibe amene amakanidwa ntchito chifukwa cha iko. Chomwe chimapha ndi mutu wongoti `JOB APPLICATION` kapena `APPLICATION FOR ANY VACANT POST`. M'boma ntchito iliyonse imalengezedwa payokha ndi fayilo yake, kulibe fayilo ya ntchito ina iliyonse, nde kalata yotere imakhala yopanda kolowera.

Thunthu la kalata ndime zitatu zakwana. Yoyamba munene ntchito yomwe mukufunsira ndi komwe munaiona. Yachiwiri muyankhe zomwe chilengezo chafuna motsatira ndondomeko yawo, akati dipuloma ndi zaka ziwiri za ntchito, inu nenani dipuloma yanu, komwe munaitenga ndi chaka, kenako komwe mwagwira ntchito kuyambira liti mpaka liti, chifukwa amene amasankha anthu a intavyu amakhala ndi pepala la zofunikazo akuchonga chimodzichimodzi. Yachitatu munene kuti mwaikamo mapepala omwe ali pa mndandanda pansipa ndipo muli okonzeka kubwera ku intavyu. Nkhani za mavuto a kunyumba musaziike, zimamveka ndithu koma palibe pochonga pa pepala lawo lija.

Potseka, poti moni unali `Dear Sir/Madam` mutseke ndi `Yours faithfully,` ndipo `Yours sincerely,` ndi ya pomwe mwatchula munthu dzina pa moni. Siyani mizere inayi yopanda kanthu, kenako dzina lanu lonse monga lilili pa chiphaso. Mu mpata umenewo sainani ndi cholembera cha buluu kapena chakuda. Kalata yosasainidwa imachitika kwambiri kwa anthu otaipa, munthu wapulinta wapinda waika mu envulopu, ndipo maofesi ena amaitenga ngati yosakwanira.

Tafika pa mndandanda wa zomwe mwaikamo, womwe umakhala pansi pa dzina lanu, kumanzere, ndiye chomaliza pa pepala. Ambiri amangolemba `Encl.` nkusiya pomwepo. Zimenezo zimangonena kuti muli kanthu mu envulopu koma sizinena kuti ndi chiyani kapena ndi zingati, nde pepala limodzi likathothoka panjira palibe amene angadziwe kuti linalipo, zidzangooneka ngati inuyo simunaike. Mndandanda wathunthu uli ngati lisiti ya katundu, wopereka ndi wolandira onse amatha kuwerenga nkugwirizana. Chilengezo cha mayi wathu chinapempha sivi yokhala ndi anthu atatu omuchitira umboni, mafotokope otsimikizidwa a masatifiketi, ndi fotokope ya chiphaso. Wake ukhala chonchi:

```
Enclosures (5):
1. Curriculum Vitae with three referees (2 pages)
2. Certified copy of Diploma in Accounting
3. Certified copy of secondary school certificate
4. Copy of national identity card
5. Affidavit of change of name
```

Taonani zingapo pamenepa. Nambala yomwe ili pambali pa liwu loyambalo ndi chiwerengero cha zinthu zonse, ndipo iyenera kufanana ndi mizere yomwe ili pansi komanso ndi zomwe zilidi mu envulopu. Chinthu chokhala ndi mapeji angapo ngati sivi mutchule mapeji ake. Satifiketi iliyonse ili pa mzere wake ndi dzina lake, osangoti masatifiketi onse pamodzi, chifukwa wochonga uja akufuna kuona liwu loti dipuloma ndi maso ake. Ndondomeko yake ndi yomwe ili mu chilengezo, ndipo mapepala enieniwo muwasanje chimodzimodzi, kalata pamwamba, sivi pansi pake, dipuloma, mpaka chomaliza, kuti munthu azingotembenuza akuchonga.

Chinthu chachisanu pa mndandandawo chilengezo sichinapemphe, nde chalowa bwanji? Mayiyu satifiketi yake ya kusekondale ili ndi dzina la bambo ake pomwe chiphaso ndi dipuloma zili ndi dzina la ku banja. Kwa munthu amene sakumudziwa awa akuoneka ngati anthu awiri, ndipo pa nkhani ya masatifiketi kukaikira pang'ono kokha ndi kokwanira kuti akudumpheni. Afidaviti, pepala lolumbirira lija, kapena satifiketi ya ukwati ndi yomwe imalumikiza maina awiriwo. Chimodzimodzi ngati dzina lanu linalembedwa mosiyana pa mapepala awiri. Kupatula zotere musadzaze envulopu ndi mapepala omwe sanapemphe, masatifiketi a misonkhano ya tsiku limodzi angokwirira dipuloma yomwe akuifunayo.

Liwu loti `Certified` musalilembe mwachizolowezi chabe. Limatanthauza kuti munthu wololedwa ndi lamulo, monga loya kapena wolumbiritsa anthu kapena amene chilengezo chamutchula, waona satifiketi yeniyeni ndi fotokope pamodzi nkudinda sitampa, kusaina ndi kulemba deti pa fotokopeyo. Fotokope iliyonse ikhale ndi sitampa yakeyake. Chomwe anthu amachita kuti asavutike ndi kudinditsa kamodzi kenako nkumapanga fotokope ya fotokope yodindidwayo, koma imeneyo imadziwika msanga chifukwa sitampa ndi siginecha zimatuluka zakuda ngati zilembo zina zonse, inki yake siioneka, ndipo maofesi osamala amaikana. Onaninso ngati anena kuti sitampa isapitirire miyezi ingapo. Ndipo satifiketi yeniyeni musatumize ngakhale pang'ono, mapepala ofunsira ntchito kawirikawiri sabwezedwa, yeniyeniyo mudzapita nayo pamanja tsiku la intavyu.

China chofunika, musalembe pa mndandanda chinthu chomwe mulibe. Ngati munamaliza maphunziro koma satifiketi sinatuluke, musalembe dipuloma pomwe mwaika kalata ya zotsatira za mayeso. Lembani chomwe chilipocho ndi dzina lake, nkufotokoza mu ndime yachiwiri chiganizo chimodzi kuti satifiketi ikudikirika. Atha kulola atha kukana malinga ndi malamulo awo, koma mndandanda wosagwirizana ndi zomwe zili mkati umakuonetsani ngati wosasamala kapena wobisa kanthu, ndipo pa ntchito ya zandalama ngati ya mayi wathuyi zonse ziwiri ndi zoipa.

Mukasanja zonse menyani sitepulo imodzi pa kona ya pamwamba kumanzere. Envulopu ikhale yaikulu yolowa A4 osapinda, chifukwa mapepala asanu ndi awiri opindidwa katatu savuta kung'ambika potsegula. Pa envulopu lembani adiresi ya olandira mmene ilili mu kalata, ndipo pa kona ya pamwamba lembani dzina la ntchito ndi nambala yake, zilengezo zambiri zimachita kulamula zimenezi chifukwa maenvulopu amasanjidwa asanatsegulidwe. Apa nambala ija yaoneka katatu, pa envulopu, pa mzere wa refarensi ndi mu mutu, ndipo ponseponse ikhale yofanana.

Ngati akuti mutumize pa imelo, kalata ikhalabe yomweyo ndi mndandanda wake. Pulintani, sainani, sikanani zonse motsatira ndondomeko ija nkuziphatikiza mu fayilo imodzi ya PDF pokhapokha anena zina, ndipo fayiloyo muitchule ndi dzina lanu ndi nambala ya ntchito, kungoti kamzere kopendekera sikaloledwa mu dzina la fayilo nde 14/25 ikhala `14-25`. Pa bokosi la `Subject` kopelani mutu wa kalata uja wonse mmene ulili. Mukatumiza tsegulani zomwe zapitazo muone ngati fayilo inamatidwadi komanso ngati masitampa akuwerengeka.

Musanamate envulopu itanani munthu wina, mumupatse chilengezo iye inu mugwire kalata, awerenge mokweza nambala, dzina la ntchito, giredi ndi adiresi inu mukutsatira ndi chala, kenako inu muwerenge mndandanda iye azitulutsa pepala lililonse. Wolemba yekha maso ake amaona zomwe amafuna kulemba osati zomwe walembadi. Zikagwirizana jambulani kapena pangani fotokope ya kalata yosainidwayo musunge, ndipo ngati mukukapereka pamanja tengani kope yachiwiri mupemphe akudindireni sitampa ya tsiku lomwe alandira, kapena mulembetse dzina mu buku lolandirira makalata ngati lilipo. Ngati ndi pa positi sungani lisiti, ndipo kumbukirani kuti maofesi ambiri amawerengera tsiku lomwe kalata yafika kwa iwo, osati lomwe inu munaitumiza.